Tukulani mlomo wa galu wanu

Galu wamkulu ali ndi mano 42, kumwamba 20 ndipo kumunsi 22, koma eni agalu ambiri amadziwa anayi okha, aja osongoka amene amaonekera akamauwa mlendo pachipata. Mano amenewo akakhala oyera, timangoti m'kamwa monse muli bwino. Komatu matenda a nkhama sayambira kutsogolo. Amayambira kumbuyo, kuseri kwa tsaya, kumene munthu sayang'anako pokhapokha atachita kufuna.

Galu wanu akakhala wofatsa, yesani izi iye ali phee pakhonde. Musamutsegule kukamwa. Ingotukulani mlomo wam'mwamba ndi chala chachikulu, n'kuukokera pang'ono chakukhutu. Muona dzino lalikulu, lotambalala, lokhala ndi nsonga ngati kaphiri. Limeneli ndiye dzino lodulira nyama, ndipo galu akamatafuna limadutsana ndi linzake la kumunsi monga imachitira sizasi. Yang'anani pamene dzinolo lakumana ndi nkhama. Kwa galu wathanzi nkhama imakhala yofiirira pang'ono, kapena ya mawanga akuda ngati ndi mmene anabadwira, yolimba, yomatirira bwino kudzino. Mukaona mzere wofiira kwambiri m'mphepete mwake, nkhama itatupa, ndiponso zinthu zachikasu kapena zoderako zitakanirira padzino, ndiye kuti matenda ayamba kale. Madokotala a ziweto amanena kuti agalu ochuluka akamakwana zaka zitatu amakhala ali nalo kale vutoli, ena pang'ono, ena kwambiri.

Chimene chimawononga si chimene mukuchiona

Zachikasu zokanirira zija ndi zimene zimakopa maso, koma chiyambi cha vuto ndi chinthu china chovuta kuchiona. Pakangopita maola ochepa dzino litatsukidwa, pamwamba pake pamayamba kuyala litsiro loterera, lopanda mtundu, lopangidwa ndi malovu, tizidutswa ta chakudya ndi mabakiteriya ochuluka zedi. Aliyense amene anasiyapo madzi mu ndowa kwa masiku angapo amakudziwa kuterera kumene kumabwera m'kati mwa ndowayo. Kutsukuluza ndi madzi sikukuchotsa, koma kukwecha pang'ono chabe ndi kansalu kumathetsa zonse. Litsiro la pamano nalonso ndi lotero: likadali lofewa limachoka mosavuta, bola chinthu chilikhudze.

Likasiyidwa, mchere wa kashiamu umene uli m'malovu umalowa m'litsiro lija n'kuliumitsa. Kuuma kumeneku kumayamba pakangopita masiku awiri kapena atatu, ndipo pakapita milungu ndi miyezi pamakhala chimwala chenicheni, chokakala, chimene mswachi sungachithe. Malovu a galu alibe asidi wambiri poyerekeza ndi athu. N'chifukwa chake mano a galu sabooka kawirikawiri monga amachitira a ana okonda maswiti, koma chifukwa chomwecho n'chimene chimachititsa kuti chimwala chiwundane msanga. Ndipo dzino lalikulu lija limavutika koposa anzake pa chifukwa chomveka: timitsempha tina totulutsa malovu timathira m'tsaya chapamwamba pake penipeni.

Chimwalacho pachokha sichidya nkhama. Kuipa kwake n'kwakuti n'chokakala, choncho litsiro latsopano limapeza pogwira, komanso chimatchinga malo amene akanatsukika. Nkhondo yeniyeni imachitikira m'kangalande kakang'ono kamene kali pakati pa dzino ndi nkhama. Kwa galu wathanzi kangalandeka sikapitirira mamilimita atatu kuya kwake. Mabakiteriya akadzazamo, thupi limatumizako magazi ambiri kuti likalimbane nawo, ndiye nkhama imafiira, imatupa, ndipo ikakhudzidwa imatuluka magazi. Pofika apa palibe chimene chatayika. Litsiro likamachotsedwa tsiku ndi tsiku, nkhama imabwerera mwakale pakatha mlungu umodzi kapena iwiri.

Zikapitirira, kutupako kumatsikira pansi. Timinyewa timene timamangirira muzu wa dzino kufupa la nsagwada timaduka, fupalo limayamba kusungunuka, ndipo kangalande kaja kamasanduka dzenje la mamilimita asanu, asanu ndi awiri, mwinanso kuposa. M'dzenjemo mulibe mpweya, ndipo mabakiteriya amene amakonda malo otero ndi amene amatulutsa fungo lija limakuthamangitsani galu akakupumirani kumaso. Fupa likapita silibweranso lokha. Apa ndiye pagona nkhani yonse: kutsuka mano kumachiza nkhama yotupa, koma sikubweza fupa. Amene wayamba msanga amateteza, amene wachedwa amangopulumutsa zotsala.

Agalu onse savutika mofanana. Tiagalu ting'onoting'ono ta m'nyumba, taubweya wambiri tija tafala m'matauni, tili ndi mano 42 omwewo pa nsagwada yaifupi, ndiye amapanikizana, ena amapindika, ndipo mipata yosunga litsiro imachuluka. Fupa la nsagwada yawo n'lopyapyala, moti likadyeka kwambiri mozungulira dzino lalikulu la kumunsi, nsagwadayo ikhoza kuthyoka galu akungotafuna kapena atangodzigunda pang'ono. Agalu a mphuno yophwatalala nawonso ali m'gulu lomweli. Galu wathu wakumudzi, wa mlomo wautali ndi mano otalikirana bwino, ali ndi mwayi pambali imeneyi, ngakhale kuti iyenso ali ndi ake, amene tiwafikira tikamanena za mafupa.

Galu wa dzino lowawa sasiya kudya

Anthu ambiri amati, "Akudya bwinobwino, ndiye palibe vuto." Mawu amenewa asocheretsa eni agalu ochuluka. Galu amadya ngakhale m'kamwa muli zilonda. Amangosintha kadyedwe: amatafunira mbali imodzi, amameza osatafuna, amatola chakudya n'kuchigwetsa, kapena amasiya kuseweretsa chinthu chimene kale ankakonda kuluma. Ena amadzipalasa kumlomo ndi phazi, ena amakana kugwidwa kumutu. Mukaona kuti chimwala chachuluka mbali imodzi kuposa inzake, kawirikawiri mbali yochulukayo ndi imene ikuwawa, chifukwa galu anasiya kutafunirako.

Titenge chitsanzo cha zimene zimachitika kawirikawiri kuchipatala cha ziweto. Kagalu ka zaka 6, kolemera makilogalamu 8, kamadya nsima yosakaniza ndi msuzi ndi zotsala za pakhomo, ndipo sikanatsukidwepo mano chibadwire. Fungo la m'kamwa linayamba kalekale, a pakhomo anangolizolowera. Tsiku lina pansi pa diso lakumanzere patupa. Mwini wake akuganiza kuti kalumidwa ndi mavu. Chotupacho chaphulika, mafinya atuluka, chauma. Patapita milungu itatu chabweranso pamalo omwewo. Wina wapereka mankhwala opha mabakiteriya, chaphwa, ndipo mankhwala atatha chabweranso.

Dokotala wodziwa ntchito akamva mbiri imeneyi sayamba ndi diso, amayamba n'kutukula mlomo. Dzino lalikulu la kumwamba lili ndi mizu itatu, ndipo nsonga za mizuyo zimathera pansi pa diso. Muzu ukaola, mafinya amafuna njira yaifupi yotulukira, ndipo njirayo ndi khungu la pansi pa diso. Mankhwala amaphwetsa chotupacho kwa kanthawi, koma gwero lake likadali m'fupa.

Kuti aone bwino, dokotala amakagoneka kagaluko ndi mankhwala, atayamba wakapima mtima ndi magazi. Kakagona, amatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere ta mamilimita n'kukalowetsa mozungulira dzino lililonse. Pa mano ambiri kachitsuloko kakulowa mamilimita awiri kapena atatu. Pa dzino lalikulu lakumanzere kakulowa asanu ndi awiri, ndiponso kakudutsa pakati pa mizu kuchokera kunja mpaka m'kati, kusonyeza kuti fupa limene linali pamenepo linatha. Kumene kuli makina ojambulira, chithunzi cha ekisileyi chimaonetsa mdima mozungulira nsonga ya muzu. Dzino lotere silipulumuka. Polizula salikoka lathunthu, chifukwa mizu itatuyo inaloza kosiyana ndipo ikhoza kuthyokera m'kati. Amalidula zidutswa zitatu, muzu uliwonse n'kuutulutsa paokha, kenako amatsuka dzenjelo n'kusoka nkhama ndi ulusi wosungunuka wokha. Mano otsalawo amawachotsa chimwala pamwamba ndiponso pansi pa nkhama, n'kuwapukuta kuti asalale, chifukwa dzino lokalika limagwira litsiro msanga.

Kagaluko kamapita kwawo ndi mankhwala ochepetsa ululu, kamadya zofewa kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo chilonda chikapola ndi pamene mswachi umayamba. Eni agalu otere nthawi zambiri amabwera kudzanena kuti galu wawo wabwerera ku ubwana, akuthamanga, akusewera. Ulesi umene ankauyesa ukalamba unali ululu. Ndipo musade nkhawa kuti adya bwanji: galu wa pakhomo amadya bwino ndi mano ochepa, ngakhale wopanda mano n'komwe, kusiyana ndi wa mano owola.

Palinso chizindikiro china chimene chimasokoneza anthu. Muzu wa dzino losongoka la kumwamba ndi wautali kuposa mbali imene timaiona, ndipo chimene chimaulekanitsa ndi mphuno ndi kafupa kopyapyala. Kafupako kakadyeka, pamatseguka njira yochokera m'kamwa kupita m'mphuno. Galu amayetsemula akamadya kapena kumwa, ndipo mamina, nthawi zina osakanikirana ndi magazi, amatuluka mphuno imodzi yokha. Chimfine chotero sichimva mankhwala a chimfine.

Katsukidwe kake

Zipangizo zake si zambiri. Mswachi wa agalu umapezeka m'zipatala za ziweto ndi m'masitolo ena a m'tauni, koma mswachi wofewa wa mwana wakhanda umagwira ntchito yomweyo. Kwa galu wamkulu thupi, mswachi wofewa wa munthu wamkulu ndi wokwanira. Chachikulu n'chakuti ukhale wofewa, ndipo galu aliyense akhale ndi wake.

Mankhwala otsukira mano a anthu musawagwiritse ntchito. Ife timalavula, galu amameza. Fulorayidi ndi zochititsa thovu zimene zili m'mankhwala athu zimamuvuta m'mimba, ndipo ena amakhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa zayilitolo, chimene kwa galu ndi poizoni. Chimatsitsa shuga wa m'magazi mwadzidzidzi, galu n'kuyamba kudzandira kapena kukomoka, ndipo chikachuluka chimawononga chiwindi. Chimapezekanso mu chingamu chija amati chopanda shuga. Mchere, soda, phulusa ndi makala nazonso zisiyeni. Zina zimakala dzino, zina n'zosayenera kumezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo zonse zimamuphunzitsa galu kudana ndi mswachi. Mankhwala otsukira mano opangira agalu amakoma ngati nkhuku kapena nyama, ndipo ubwino wake waukulu ndi womwewo, wakuti galu amayembekezera nthawi yotsuka. Ngati simungawapeze kapena akudula, viikani mswachi m'madzi oyera kapena mu msuzi wa nyama wopanda mchere ndi anyezi. Chimene chimachotsa litsiro ndi kukwecha, osati mankhwala.

Cholakwika chofala ndi kufuna kumaliza zonse tsiku loyamba. Munthu wagula mswachi, wamupanikiza galu pakati pa miyendo, wamukanula kukamwa. Galu amalimbana, mwinanso kuluma, ndipo mawa lake akangoona mswachi amakabisala kuseri kwa nkhokwe. Ntchitoyi imafuna milungu iwiri kapena itatu yozoloweretsa. Masiku oyamba musatenge mswachi n'komwe. Khalani pambali pake, osati kutsogolo kwake, musisiteni kutsaya, tukulani mlomo kamphindi kochepa chabe, musiyeni, mupatseni kanthu kokoma. Akayamba kulola osatembenuza mutu, pakani msuzi pachala n'kusisita kunja kwa mano osongoka ndi nkhama yake. Pakapita masiku ena, kulungani kansalu koyera, konyowa pachala n'kupukuta mano akumbali. Mswachi umabwera pomaliza, ndipo tsiku loyamba umangokhudza mano awiri kapena atatu. Nthawi iliyonse lekani galu asanatope, kuti chimene akumbukire chikhale chokoma chija, osati kulimbana.

Akazolowera, katsukidwe kake ndi aka. Dzanja limodzi ligwire mlomo mofatsa kuchokera pamwamba, kukamwa kuli kotseka, chala chikutukula mlomo. Lowetsani mswachi m'tsaya. Musauimike mowongoka padzino, koma muupendeke theka, pafupifupi madigiri 45, kuti nsonga zake ziloze kunkhama n'kulowa pang'ono m'kangalande kaja. Pa mano akumwamba ziloze m'mwamba, pa akumunsi ziloze pansi. Yendetsani mozungulira pang'onopang'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, osakanikiza. Mukaona nsonga za mswachi zikuphwasuka padzino, ndiye kuti mwalimbitsa dzanja. Yambani ndi mano osongoka, pitani kumbuyo mpaka kudzino lalikulu ndi awiri ang'ono amene ali kuseri kwake. Mano akumunsi akumbuyo amabisika ndi akumwamba kukamwa kukakhala kotseka, ndiye mulole galu atsegule pang'ono, zimene amachita yekha akamanyambita msuzi. Timano tating'ono ta kutsogolo tisiyeni mpaka kumapeto, chifukwa pamenepo pamanyerenyetsa ndipo agalu ambiri amayetsemula kapena kukoka mutu. Masekondi 30 mbali iliyonse akwanira.

M'kati mwa mano, mbali ya lilime, musavutike namo poyamba. Lilime limapukutako ndithu, ndipo chimwala chambiri chimawundana kunja. Galu amene walola kutsukidwa kunja kokha tsiku lililonse ali bwino kwambiri kuposa amene amatsukidwa paliponse kamodzi pamwezi atamangidwa miyendo.

Za kangati, yankho lili m'masiku awiri kapena atatu aja amene litsiro limatenga kuti liyambe kuuma. Kutsuka tsiku lililonse ndiye koyenera. Katatu pa mlungu kumasunga nkhama imene ili kale yathanzi, koma sikukwanira kuchiza yotupa. Kamodzi pa mlungu, kunena zoona, phindu lake n'lochepa kwambiri, chifukwa mswachi umakafika litsiro litauma kale. Chimene chimathandiza kuti musaiwale ndi kulumikiza ntchitoyi ndi chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse. Pakhomo pamene galu amamasulidwa madzulo, tsukani musanamumasule kapena musanamupatse chakudya chamadzulo, kuti chakudyacho chikhale ngati malipiro ake. Ndipo akhale munthu mmodzi amene galuyo amamukhulupirira, kaya ndi mwini wake, kaya ndi mlonda amene amamudyetsa. Ana aang'ono asapatsidwe ntchito imeneyi.

Masiku oyamba mudzaona timagazi pa mswachi. Ngati ndi tochepa ndipo galu sakuonetsa kumva kuwawa, musasiye, chifukwa ndi nkhama yotupa imene ikuchira, ndipo magaziwo ayenera kuchepa pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Koma ngati magazi ndi ambiri, galu akulira, dzino likugwedera, mafinya akutuluka m'mphepete mwa nkhama, kapena mizu ikuonekera, ikani mswachi pansi. M'kamwa motero mukufunika dokotala kaye. Kutsuka pamenepo n'kumuzunza chabe, ndipo adzakana mswachi ngakhale atachira. Dokotala nthawi zina amapereka mankhwala opaka kunkhama a kulohekisidini, osungunulidwa kwambiri, oti agwiritsidwe ntchito masiku amene mswachi sungafikeko. Panado ndi mankhwala ena a ululu a anthu musamupatse mwa inu nokha. Ena mwa iwo, monga aibupulofeni, amabowola chifu ndi kuwononga impso za galu.

Mwana wa galu ndiye wosavuta kuphunzitsa. Amamera mano oyamba 28 kuyambira ali ndi milungu itatu, ndipo amaguluka pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi iwiri, okhalitsa n'kumera. Mano oyambawo adzachoka ndithu, koma chizolowezi chogwidwa kukamwa chimatsala. Pa nthawi yogulukayo nkhama imawawa, ndiye ingotukulani mlomo ndi kusisita ndi chala. Yang'aniraninso chinthu chimodzi: dzino losongoka laubwana nthawi zina limakana kuchoka, latsopano n'kumera pambali pake, awiriwo n'kuima mothinana. Pakati pawo pamadzaza ubweya ndi chakudya, ndipo nkhama imayamba kuwonongeka galu asanakwanitse n'chaka chomwe. Ngati lidakalipo pa miyezi isanu ndi iwiri, likazulidwe. Ambiri amachitira limodzi pa tsiku lomufula kapena lomutseka kubereka, popeza amakhala atagonekedwa kale.

Nkhani ya mafupa

Pali chikhulupiriro chakuti galu wodya mafupa safuna mswachi. Muli choonadi pang'ono. Kutafuna chinthu cholimba kumapala chimwala pamwamba pa dzino, ndipo agalu otere mano awo amaoneka oyera. Koma fupa sililowa m'kangalande ka pansi pa nkhama, kumene matenda amakhala. Ofufuza amene anaunika zigaza za mimbulu ya m'tchire la mu Afirika, nyama zimene moyo wawo wonse zimadya nyama yaiwisi ndi mafupa, anapeza kuti zambiri zinali ndi fupa la nsagwada lodyeka ndiponso mano othyoka.

Kuthyoka kumeneku ndiko kumavutitsa agalu akuluakulu ndi akumudzi. Galu akaika fupa la mwendo wa ng'ombe pakati pa mano akumbuyo n'kuluma ndi mphamvu zake zonse, chimodzi chiyenera kugonja, ndipo kawirikawiri ndi dzino lalikulu lija. Limasendeka chakunja, chibenthu n'kuchoka kapena kutsala chikulendewera kunkhama. Mukaona kadontho kofiira kapena kakuda pakati pa malo osendekawo, ndiye kuti mtsempha wa m'kati mwa dzino uli poyera. Mabakiteriya amatsika nawo mpaka kumuzu, ndipo mapeto ake ndi chotupa cha pansi pa diso chomwe chija, kungoti chafika podzera njira ina. Dzino limene lasintha mtundu, n'kukhala lotuwa kapena lofiirira lonse, nalonso nthawi zambiri limakhala lakufa. Mafupa ophika ndi oopsa m'njira inanso: amasweka n'kukhala tizisonga timene timabaya kummero ndi m'matumbo, ndipo a nkhuku amakonda kupingasa m'kamwa chakumwamba, pakati pa mano a mbali ziwiri.

Madokotala a mano a ziweto ali ndi muyeso wosavuta: chinthu chimene simungachidinde ndi chikhadabo, kapena kuchipinda pang'ono ndi manja, n'cholimba kwambiri kwa dzino la galu. Nyanga, ziboda zouma, miyala ndi mapulasitiki olimba zonse zimalephera muyeso umenewu. Zoseweretsa za labala wopindika zimapambana. Galu womangidwa tsiku lonse amene amatafuna tcheni kapena waya wa khola lake amaperepesa ndi kuthyola mano osongoka, ndipo mankhwala ake si mswachi, koma kumumasula kuti ayende.

Chakudya chili ndi mbali yake, ngakhale si yaikulu monga otsatsa malonda amanenera. Nsima ndi phala la madeya zimamata pamano ndipo sizipala kanthu. Koma chakudya chouma cha m'matumba nachonso si mswachi, chifukwa timibulu take timaphwanyika dzino likangokhudza, ndipo agalu ambiri amangomeza. Zilipo zakudya ndi zotafuna zopangidwa mwapadera kuti dzino lizilowamo n'kupukutika. Ku America kuli bungwe limene limaunika umboni wa zinthu zotere, ndipo zimene zakhoza zimakhala ndi chidindo cholembedwa kuti VOHC Accepted papaketi. Zimathandiza, makamaka kwa galu amene wakaniratu mswachi, koma zimagwira mano otafunira okha, ndipo zimanenepetsa ngati simuchepetsa chakudya china.

Ena amadzipereka kupala chimwala ndi kachitsulo galu ali maso, pamtengo wotsika. Mano amayera, mwini wake amasangalala, koma pansi pa nkhama sipanakhudzidwe, dzino lakalika, ndipo chizindikiro chimene chikanakuchenjezani chachotsedwa pamene matenda akupitirira. Mantha a mankhwala ogonetsa ndi omveka, makamaka kwa galu wokalamba, ndipo ndi bwino kumufunsa dokotala kuti amupima chiyani asanamugoneke ndiponso ndani amene azimuyang'anira ali mtulo. Koma palibe galu amene angalole kachitsulo kulowa mamilimita asanu ndi awiri pansi pa nkhama yowawa ali maso.

Dzanja m'kamwa mwa galu, kuno kwathu

Mabuku ambiri a za mano a agalu amalembedwa m'maiko amene chiwewe cha agalu chinatha, ndiye satchula chinthu chimene kuno sitingachilumphe. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu, ndipo kamalowa pa bala lolumidwa, pa kachilonda ka pachala, ngakhalenso m'maso ndi m'kamwa. Musanayambe kuphunzitsa galu mswachi, onetsetsani kuti analandira katemera wa chiwewe ndipo nthawi yake sinathe. Katemerayu amaperekedwa ndi alangizi a ziweto a boma, zipatala za ziweto, ndi mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Ngati muli ndi chilonda m'manja, gwiritsani mswachi wa chogwirira chachitali, osati kansalu ka pachala, ndipo sambani ndi sopo mukamaliza.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Pali mtundu wina umene umafooketsa nsagwada ndi mmero: galu amakhala chete, kukamwa kuli pululu, dovu likuchucha, akulephera kumeza, mawu ake asintha. Aliyense womuona amati fupa lamutsamwa, ndipo mwachifundo amapisa dzanja kuti alichotse. Anthu atengapo chiwewe m'njira imeneyi. Matenda a nkhama amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka, ndipo galu amakhala yemwe uja mumamudziwa. Dovu loyamba mwadzidzidzi, limodzi ndi kusintha khalidwe kapena kudzandira, makamaka kwa galu wosatemera kapena amene analumidwa ndi galu wachilendo milungu yapitayo, ndi nkhani ina. Mutsekereni payekha osamugwira kukamwa, ana atalikire, ndipo itanani a zaziweto. Ngati wakulumani, kapena malovu ake akhudza chilonda, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu wolondera amene samalola ngakhale mwini wake kumugwira kumutu musamukakamize. Kwa iye, zotafuna zoyenera ndi kupimidwa m'kamwa kamodzi pachaka, pa nthawi ya katemera, ndi zimene zingatheke.

Kwa amene amalola, kutukula mlomo tsiku ndi tsiku kuli ndi phindu lina limene silikhudza mano. Mumayamba kuudziwa mtundu wa nkhama ya galu wanu, ndiye ikasintha mumaona msanga. Nkhama yoyera mbuu, galu ali wofooka ndipo sakudya, kawirikawiri imasonyeza kuchepa kwa magazi, ndipo kuno zimene zimayambitsa kwambiri ndi matenda obwera ndi nkhupakupa kapena njoka za m'mimba. Nkhama yachikasu imaloza kuchiwindi kapena kuphwanyika kwa magazi. Chotupa chomera pankhama, makamaka kwa galu wokalamba, chikapimidwe chikadali chaching'ono. Zoterezi siziyembekezera mlungu wamawa, ndipo nkhama yoyera kapena yachikasu imafuna dokotala tsiku lomwelo.